Kalata imene inasamutsa laisensi yathu kompyuta itapsa ndi mphenzi

Ndimasunga mabuku pa shopu ya amalume anga pa Chitakale, ku Mulanje. Timagulitsa fetereza, mbewu, mankhwala opopera ndi zipangizo zomangira, ndipo katundu aliyense wolowa kapena wotuluka amalembedwa mu pulogalamu ya sitoko imene tinagula ku kampani ina ya ku Blantyre. Tinalipira kamodzi, laisensi ya kompyuta imodzi. Dzinja lapitali mphenzi inagwa pafupi ndi shopu usiku, ndipo kutacha kompyuta ya pa kauntala inangoti zii. Mmisiri amene amatikonzera zinthu ataitsegula anapeza kuti bolodi lalikulu la m'kati lapsa, koma disiki yosunga zinthu inali bwinobwino. Amalume anakwera minibasi kukagula ina yogwiritsidwapo kale ku Limbe. Tinaika pulogalamu ija, ndinalemba kiyi wa laisensi monga analili pa pepala, koma sikirini inayankha kuti:

```
This licence is already activated on another computer.
```

Tanthauzo lake ndi loti laisensiyi ikugwira kale ntchito pa kompyuta ina. Kompyuta inayo ndi yomwe ija inali pansi pa tebulo, ikununkha utsi. Amalume sanamvetse. “Ndalama ndinalipira, lisiti ndili nalo. Ndiye akundikaniza chiyani, mphwanga?”

Funso lawo ndi labwino, ndipo munthu akalimvetsa, kalata imadzilemba yokha. Mapulogalamu ambiri ogulidwa motere, tsiku loyamba kuwatsegula amawerenga manambala a zida za m'kati mwa kompyutayo. Ena amawerenga nambala ya bolodi lalikulu, ena ya disiki, ena ya kachipangizo kolumikizira netiweki, ena amaphatikiza zonsezi. Kuchokera pamenepo amapanga nambala imodzi yoimira kompyutayo, imene pa sikirini mumaiona italembedwa kuti `Machine ID`, `Hardware ID` kapena `Host ID`. Nambala imeneyi imapita ku kampani, ndipo m'kaundula wawo imalembedwa moyang'anizana ndi kiyi wanu. Zili ngati bulubuku ya galimoto: imalembedwa pa nambala ya chasisi imodzi, ndipo simungaitenge kukayendetsera galimoto ina ngakhale zonse ziwiri zili zanu. Choncho kiyi wathu anali ndi malo amodzi, ndipo malowo anali otengedwa ndi kompyuta yakufa.

Tsono taganizirani munthu amene wakhala pa desiki ku kampani kuja. Iyeyo sanaone mphenzi. Chimene akuona pa sikirini yake ndi kiyi mmodzi akugogoda kuchokera pa makina awiri osiyana. Zimaoneka chimodzimodzi ngati mwini shopu watsegula nthambi ina ku Limbuli ndipo akufuna kugwiritsa ntchito laisensi imodzi m'malo awiri, kapenanso ngati wantchito wakale anakopera kiyiyo n'kupita naye. Ntchito ya kalata yanu ndi kumusonyeza kuti ndinu eni ake, kuti yakaleyo sidzagwiranso ntchito, ndi kumupatsa nambala ya yatsopanoyo kuti angoimata m'kaundula popanda kukufunsaninso kanthu. Palibenso china.

Kompyuta yakale ikakhala kuti ikuyakabe, nthawi zambiri kalata siifunika n'komwe. Mumatsegula pulogalamu, kupita pa `Help` kapena pamene palembedwa `Licence`, n'kufufuza mawu akuti `Deactivate`, `Release` kapena `Transfer`. Mukadina pamenepo kompyuta ili pa intaneti, pulogalamu imauza kampani kuti malo aja amasulidwa, ndipo kiyi yemweyo amalowa pa yatsopano popanda vuto. Dziwani kuti kungochotsa pulogalamu pa kompyuta sikumasula malowo pa mapulogalamu ambiri. Ndaonapo anthu atafufuta laputopu yonse kuti aigulitse, kenako n'kuzindikira kuti laisensi inapita nayo. Ife mwayi umenewo panalibe, chifukwa batani lomasulira linali m'kompyuta yosayaka.

Mmisiri uja anayesa njira imene aliyense amaiganizira: anachotsa disiki yakale n'kuilowetsa mu kompyuta yatsopano. Windows inayaka itavutikira pang'ono, pulogalamu inatseguka, koma nthawi yomweyo inapempha kiyi, chifukwa inawerenga bolodi n'kupeza kuti si limene inalidziwa. Kenako ananong'oneza kuti ali ndi kope lothyoledwa la pulogalamu ina yofanana nayo pa fulashi, losafuna kiyi. Ndinakana. Mu kompyuta imeneyo muli ngongole za alimi amene amatenga fetereza n'kudzalipira akalandira ndalama za tiyi, ndipo sindingaike mabuku oterowo mu pulogalamu imene sindikudziwa kuti wina anaiikamo chiyani. Komanso tsiku limene idzasokoneze masamu, mudzaimbira ndani? Achimwenewa sanakwiye. Anangoti, “Chabwino, ndiye tiyeni tisonkhanitse zimene akakufunseni, kuti musalembe kawiri.”

Kusonkhanitsako ndiye ntchito yeniyeni, ndipo kunatenga nthawi yambiri kuposa kulemba.

Choyamba chinali lisiti. Silinali lovuta kupeza, amalume amasunga mapepala onse mu faelo imodzi ndi ziphaso za shopu. Pa lisitipo panali zinthu zitatu zofunika: nambala yake, tsiku logulira, ndi dzina limene laisensi inalembedwa. Dzinali muzilikopera ndendende monga lilili. Shopu yathu pa chikwangwani ili ndi dzina lina, koma lisiti linalembedwa m'dzina la bizinesi limene lili pa satifiketi ya kaundula wa mabizinesi. Munthu wa ku kampani amafufuza polemba dzina pa kompyuta yake, ndiye mukamupatsa la pa chikwangwani sakupezani, ndipo yankho lake likhala lakuti, “Simuli m'kaundula wathu.”

Pansi pa dzinalo panali imelo, ndipo apa ndi pamene panali mfundo yolimba. Imeloyo inali ya mnyamata amene ankagwira ntchito yangayi ine ndisanabwere, yemwe anapita ku Joni kalekale. Kwa kampani, imelo imene ili m'kaundula ndiyo umboni woyamba wa mwini laisensi. Kalata yochokera ku imelo yachilendo, yopempha kuti kiyi asamutsidwire pa kompyuta yachilendo, ndi kalata imene wakuba angalembe. Sindinabise zimenezi. Ndinazilemba poyera m'kalatamo, ndinapempha kuti asinthe imeloyo, ndipo ndinatumizira limodzi kalata ya mizere itatu yosainidwa ndi amalume, yodindidwa chidindo cha shopu, yonena kuti ineyo ndi amene ndikuyang'anira mabuku. Ngati muli ndi shopu, sukulu kapena kalabu ya alimi ndipo pulogalamu yanu inalembetsedwa pa imelo ya wantchito, isintheni lero kompyuta ikadali yamoyo. Wantchito amachoka, laisensi imatsala.

Chachiwiri chinali veshoni ya pulogalamu. Imapezeka pa `Help`, kenako `About`, kapena pa dzina la faelo imene munaikira pulogalamuyo. N'chifukwa chiyani ili yofunika? Laisensi yolipira kamodzi kawirikawiri imakhala ya veshoni imene munagula, osati ya iliyonse idzatuluke m'tsogolo. Mukakopera yatsopano pa intaneti, kiyi wanu wakale akhoza kukanidwa ngakhale malo atamasulidwa, ndipo mudzaganiza kuti kusamutsa sikunatheke pomwe vuto ndi lina. Ife faelo yoikira inali pa disiki yakale ija, ndiye tinaika yomweyo, ndipo ndinalemba nambala yake m'kalata.

Chachitatu ndi manambala a makompyuta awiriwo. Ya yakale sitikanatha kuiwerenga pa sikirini, koma kunsi kwake kunali kapepala komatidwa ndi opanga, kolembedwa `S/N` ndi nambala yayitali. Ndinakajambula ndi foni. Ndinajambulanso bolodi, pamalo pamene panada bii pafupi ndi polowera chingwe cha netiweki, pomwe pulasitiki inasungunuka n'kufufuma. Ya yatsopano tinaitenga m'njira ziwiri. Nambala ya opanga imatuluka mukatsegula PowerShell, pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo, n'kulemba:

```
Get-CimInstance Win32_BIOS | Select-Object SerialNumber
```

Lamulo lakale lija la `wmic bios get serialnumber`, limene amisiri ambiri analoweza, silipezekanso pa makompyuta ambiri a Windows 11 yatsopano, ndiye likakana musadabwe. Ndipo ngati kompyuta yanu ndi yolumikiza pamanja kuchokera ku zida zosiyanasiyana, ikhoza kuyankha kuti `To be filled by O.E.M.` kapena `Default string`. Imeneyo si nambala, ndi malo amene opanga bolodi anawasiya osalemba. Musaitumize ngati nambala.

Koma nambala imene kampani ikufunitsitsa si imeneyo. Ndi `Machine ID` ija, imene pulogalamu yawo imadzipangira yokha n'kuionetsa pa tsamba lopemphera kiyi. Apa mmisiri anandionetsa chinthu chimene sindikanachiganizira. Shopu yathu ilibe intaneti ya chingwe, timalumikiza foni ku kompyuta ndi chingwe cha USB pamene tikufuna kutumiza kanthu. Anandiuza kuti ndiwerenge nambalayo foni ili yolumikiza, ndiilembe pa pepala, kenako ndichotse foni, nditseke pulogalamu, nditsegulenso. Ndinatero. Nambala inasintha. Zilembo zoyambirira zinali zomwezo, koma gawo lomaliza linali lina.

Chifukwa chake anandionetsa ndi lamulo ili:

```
getmac /v
```

Limaonetsa zipangizo zonse zolumikizira netiweki zimene Windows ikuziona, chilichonse ndi nambala yake. Foni itachotsedwa panali mizere iwiri, wa chingwe ndi wa Wi-Fi. Italumikizidwa panabwera mzere wachitatu, ndipo pulogalamu yathu inkatenga umenewo. Ndikanatumiza nambala imeneyo, kampani ikanamangirira laisensi ku foni yanga, ndipo madzulo aliwonse ndikaweruka n'kupita nayo kunyumba, pulogalamu ikanadzitseka amalume ali pa kauntala. Si mapulogalamu onse amene amachita zimenezi, ambiri sayang'ana n'komwe za netiweki, koma kuyesa kumatenga nthawi yochepa kuposa kumwa kapu ya tiyi. Werengani nambalayo kompyuta ili monga idzakhalire tsiku ndi tsiku, izimitseni, iyatseninso, muwerenge kachiwiri. Ikafanana, ndiyo mutumize. Mmisiri uja anayang'ananso pa zosintha za Wi-Fi ngati `Random hardware addresses` inali yoyatsa, chifukwa imeneyo imasintha nambala ya Wi-Fi mwadala. Inali yozimitsa.

Nambalayi musailembe pamanja. Ikopereni pa sikirini n'kuimata mu imelo, ndipo muonjezerepo chithunzi cha tsambalo. Zilo ndi chilembo O zimafanana, chimodzimodzi 1 ndi I, 8 ndi B. Chilembo chimodzi chikaphonyeka, kiyi amene adzakutumizireni adzakhala wa kompyuta imene kulibe padziko pano.

Zonse zitakwanira ndinalemba. Nayi kalatayo, ndangochotsa maina ndi manambala n'kuikapo timadontho:

Mutu: Pempho losamutsa laisensi kupita pa kompyuta ina, lisiti nambala …

Okondedwa Bwana kapena Mayi,

Ndikulemba m'malo mwa …, amene anagula pulogalamu yanu ya sitoko, veshoni …, pa … Nambala ya lisiti ndi …, ndipo kiyi wa laisensi amathera ndi zilembo …

Kompyuta imene laisensiyi inali kugwirapo ntchito, ya nambala …, inapsa ndi mphenzi pa … ndipo siyakanso. Pachifukwa chimenechi sitingathe kumasula laisensiyi tokha. Tikupempha kuti muimasule pa kompyuta imeneyo ndi kuiika pa imene tagula m'malo mwake. `Machine ID` ya yatsopanoyi ndi …, ndipo ili ndi Windows 11.

Tikutsimikiza kuti pulogalamuyi idzagwira ntchito pa kompyuta imodzi yokhayi, ndipo kope limene latsala pa disiki yakale tidzalifufuta tikamaliza kusamutsa mabuku athu.

Imelo imene ili m'kaundula wanu ndi ya munthu amene anasiya ntchito kuno. Chonde isintheni, muike imene ndalembera kalatayi. Kalata ya mwini bizinesi yovomereza zimenezi ndaitumizira limodzi ndi lisiti, chithunzi cha kompyuta yakale ndi chithunzi cha `Machine ID`.

Masiku oyesera, amene pulogalamu ikutseguka popanda kiyi pa kompyuta yatsopanoyi, adzatha pa … Ngati pali fomu yoti tisaine kapena ndalama yoti tilipire, tiuzeni kuti tichite tsikuli lisanafike. Foni yanga ndi …

Ndatha ine wanu,
…

Basi. Ndinawawerengera amalume ndisanatumize, ndipo anaona kuti yaperewera. Ankafuna ndilembe kuti akhala kasitomala kwa zaka zambiri, kuti nyengo ya fetereza ndi ino, kuti mzere wa anthu ukumafika pa msewu ife tikulemba m'kope ndi bolopeni, ndipo kuti kampani yabwino siichita zotere. “Awuze kuti tikuluza ndalama, amve kuwawa,” anatero.

Ndinati, “Amalume, amene awerenge kalatayi si mwini kampani. Ndi wantchito ngati ine, ali ndi makalata ena ambiri. Tikamukalipira, ayamba kaye kudziteteza. Tikamupatsa manambala, angogwira ntchito.” Anapukusa mutu, koma anasaina.

Pali mizere ingapo imene ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake ili momwemo. Mutu wa imelo uli ndi nambala ya lisiti kuti munthu akangoiona, asanatsegule n'komwe, adziwe kaundula woti afufuze, komanso kuti mukadzaimba foni mungotchula nambalayo iye n'kuipeza kalatayo. Kiyi sindinamulembe yense, ndinangolemba zilembo zomalizira. Kampani ili naye kale m'kaundula, zomalizirazo zikukwanira kumuzindikira, ndipo imelo imayenda m'manja ambiri. Akamufuna yense adzapempha, ndipo pamenepo mutsimikize kaye kuti mukulankhula ndi kampani yeniyeni, pa adiresi imene ili pa lisiti kapena mkati mwa pulogalamu, osati nambala ya foni imene wina wakupatsani pa gulu la WhatsApp.

Mzere wonena kuti sitingathe kumasula tokha ndi umene umapulumutsa masiku. Popanda umenewo, yankho loyamba limene mungalandire ndi malangizo okonzeratu akuti pitani pa kompyuta yakale mudine `Deactivate`. Mudzayankha kuti yakaleyo inafa, iwo adzafunsa umboni, ndipo sabata yapita pa chinthu chimene mzere umodzi ndi chithunzi chimodzi zikanathetsa. Tchulaninso mawu akuti “m'malo mwake”. Kusamutsa ndi kuonjezera ndi zinthu ziwiri zosiyana kwa ogulitsa. Mukalemba mosamveka kuti mukufuna pulogalamu pa kompyuta yatsopano, kalata yanu ikhoza kupita kwa amalonda, n'kukutumizirani mtengo wa laisensi yachiwiri.

Mzere wa chitsimikizo uja ena amauona ngati mwambo chabe. Si choncho. Pulogalamu imene imagwira ntchito popanda intaneti, kampani siingathe kuizimitsa ili kutali. Akakumasulirani malo, amadalira mawu anu kuti yakaleyo sidzadzukanso n'kumagulitsira ku shopu ina. N'chifukwa chake ambiri amafuna lonjezolo lilembedwe, ndipo ena amaika malire a kangati pa chaka mungasamutse. Werengani pangano la laisensi, lija tonse timangodina `I Agree` osaliwerenga, mufufuze mawu akuti `transfer`. Ngati ndime imeneyo ikuloleza kusamutsa kompyuta ikawonongeka, tchulani nambala ya ndimeyo m'kalata, mwaulemu, mzere umodzi.

Tsiku lothera masiku oyesera ndinalilemba m'malo mwa mawu akuti “mwachangu”. Aliyense amalemba kuti zake ndi zachangu. Tsiku lenileni limamuuza munthuyo kuti ali ndi mpata wotani, ndipo limamupatsa njira ina: ngati kusamutsa kuchedwa, akhoza kukutumizirani kiyi wongoyembekezera. Mapulogalamu ena alibe masiku oyesera, amangotseka. Zikatero lembani kuti ntchito yaima kuyambira tsiku lakuti, ndipo pemphani kiyi wongoyembekezera mwachindunji.

Nditatumiza ndinaimba foni ku ofesi yawo, osati kukalongosolanso nkhani, koma kungofunsa ngati imelo yafika. Mayi amene anayankha anaipeza ndi nambala ya lisiti ija. Anati, “Achimwene, yafika, ndipo zonse zilimo. Ndikutumizirani fomu, abwana anu asaine, mujambule mutumize.” Fomuyo inali tsamba limodzi lobwereza lonjezo lomwe lija. Anaimbiranso amalume pa nambala imene inali pa lisiti kuti amve kuchokera pakamwa pawo kuti akudziwa za kusintha imelo. Amalume anakondwa nazo zimenezo kuposa china chilichonse, ndipo anatenga mpatawo kufotokoza za mzere wa anthu ofika pa msewu.

Panali kandalama kolipira pa kusamutsa, chifukwa pangano lathu la chithandizo la chaka ndi chaka linali litatha. Sindinakonde kuti zimenezi sizinalembedwe pa lisiti loyamba, ndipo ndinanena. Komabe kanali kochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula laisensi ina. Anayesanso kutikopa kuti tikwere pa veshoni yatsopano nthawi yomweyo. Ndinakana, osati chifukwa yatsopanoyo ndi yoipa, koma kusintha kompyuta ndi kusintha veshoni tsiku limodzi ndi kudzipalira: masamu akasiyana simungadziwe kuti chalakwitsa ndi chiti.

Chimene anatumiza sichinali kiyi watsopano. Inali faelo yaying'ono yopangidwira `Machine ID` imene ndinawapatsa, yoti ndiilowetse pa tsamba la laisensi. Makampani ena amangomasula malo n'kukuuzani kuti mulembenso kiyi wakale, ena amakuwerengerani nambala yoyankhira pa foni. Njira iliyonse, musangoona kuti pulogalamu yatseguka n'kuimba nthungululu, chifukwa ya masiku oyesera imatsegukanso. Ndinapita pa `About` kukaona ngati dzina la bizinesi likuoneka ndipo mawu akuti `Trial` achoka. Kenako ndinachotsa foni, ndinazimitsa kompyuta, ndinaiyatsa popanda intaneti iliyonse, n'kutsegulanso pulogalamu. Inatseguka osafunsa kanthu. Pomaliza ndinasindikiza lisiti loyeserera, chifukwa mapulogalamu ena oyesera amadinda mawu awo pa pepala kapena amakana kusindikiza.

Chinthu china chimene amalume anadabwa nacho n'chakuti laisensi italowa, pulogalamu inali yopanda kanthu. Munalibe katundu, munalibe ngongole, munalibe dzina la kasitomala ngakhale mmodzi. Laisensi ndi chilolezo chogwiritsa ntchito pulogalamu basi, mabuku anu sali kwa kampani. Ali mu faelo ina pa disiki yanu. Mmisiri anaika disiki yakale mu kabokosi kolumikizira pa USB, tinapeza kope losungira limene pulogalamu inkadzipangira potseka tsiku lililonse, n'kulibwezeretsa podina `Restore`. Ndinatenga kope la bolopeni lija n'kulowetsa zonse zimene tinagulitsa kuchokera tsiku la mphenzi, kenako tinawerenga matumba a fetereza m'sitolo kuti tione ngati akugwirizana ndi a pa sikirini. Zitagwirizana m'pamene ndinafufuta pulogalamu pa disiki yakale, monga ndinalonjezera m'kalata.

Kalata yotere siigwira ntchito pa laisensi iliyonse, ndipo ndi bwino kudziwiratu musanawononge bandulo. Windows imene inabwera kale ndi kompyuta kuchokera kwa opanga imakhala yomangiriridwa ku kompyuta imeneyo, ndipo ikafa imafera limodzi. Imene munagula payokha ndiyo imaloledwa kusamuka. Kuti mudziwe mtundu umene muli nawo, lembani mu PowerShell:

```
slmgr /dli
```

Pa kabokosi kamene katuluke yang'anani mawu akuti `OEM`, `RETAIL` kapena `VOLUME`. Woyambawo ndi womangiriridwa, wachiwiri ndi wosamutsika, wachitatu ndi wa mabungwe ogula zambiri nthawi imodzi, ndipo mukaupeza pa kompyuta imene mwagula pa shopu ya zogwiritsidwapo kale, mufunse wogulitsayo bwinobwino, chifukwa laisensiyo ndi ya bungwe limene linali ndi kompyutayo, si yanu. Pogula yolowa m'malo, onaninso kuti ili ndi Windows iti. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo m'kupita kwa nthawi opanga mapulogalamu adzasiya kuithandiza. Lamulo la `winver` limakuuzani imene muli nayo, ndipo ndi chifukwa chake ndinaitchula m'kalata, kuti ngati veshoni yathu yakale siyenda pa Windows 11 anene asanatilipiritse.

Mapulogalamu olipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, olowa ndi imelo ndi mawu achinsinsi, kawirikawiri safuna kalata. Mumalowa mu akaunti yanu pa foni kapena pa kompyuta ina iliyonse, kupeza mndandanda wa makina, n'kuchotsapo yakufayo nokha. Vuto limabwera pokhapokha ngati akauntiyo ili pa imelo imene simungathe kuitsegula. Palinso ena, makamaka ojambulira mapulani ndi osindikizira zikwangwani, amene laisensi yake imakhala mu kachipangizo konga fulashi kobaya pa USB. Amenewo mumangozula n'kubaya pa kompyuta yatsopano. Koma kachipangizoko kakapsa ndi mphenzi, kalata yake ndi ina: mukupempha kachipangizo katsopano, ndipo ambiri amafuna kuti kopsako mukabweze kaye, choncho musakataye ngakhale katasungunuka.